Tsamba Limodzi la Mayunifomu a ku Kabwata

Ba Abson Mwenya ndinawadziwa mu 1997, pamene ndinkatayipa makalata a anthu m'kachipinda kena kuseri kwa Cairo Road, panjira yopita ku City Market. Tinali ndi kompyuta imodzi, ndipo tinkalipiritsa K500 pa tsamba lililonse. Mtengowo ndautchula msanga chifukwa inenso ndili ndi mbali yanga m'nkhaniyi.

Anali munthu wamtali, wolankhula pang'onopang'ono, wa jekete lotuwa lositidwa bwino. Kwawo kunali ku Luapula. Anabwera ku Lusaka mu 1974 atamaliza sukulu, nalowa ntchito pa kampani ya boma yogulitsa zipangizo zaulimi. Anayamba ngati kalaliki wamba, ndipo m'zaka makumi awiri anakwera mpaka mu ofesi yokonza mapulani. Chaka ndi chaka ankalemba lipoti lonenepa lopita kwa akuluakulu. Ankakonda kunena kuti nthawi ina lipoti lawo linafika pa masamba zana ndi makumi awiri. Sanandiuzepo ngati alipo amene analiwerenga.

Mu 1994 kampaniyo inagulitsidwa, ndipo iwo anali m'gulu la ochotsedwa. Ndalama zopumira zinabwera mochedwa. Zina anagulira kanyumba ka khonsolo kamene ankakhalamo ku Kabwata, zina anagulira minibasi yakale imene inayenda miyezi isanu n'kufa injini ku Lilayi. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankavala jekete, kunyamula chikwama, n'kupita m'tauni. Anthu oyandikana nawo ankawauza kuti amalangiza makampani.

Chimene chinkadyetsa banja lonse chinali makina osokera opalasa ndi mwendo a akazi awo, Ba Febby, mayi wa ku Katete amene sukulu anailekera mu giredi seveni. Salaula, zovala zakale zochokera kunja, zitadzaza m'misika, matelala ambiri anatseka. Ba Febby anaona kuti m'mabelo mumapezeka chilichonse kupatula yunifomu ya sukulu ya mwana wa ku Kabwata. Anasiya madiresi a ukwati, nayamba kusoka mayunifomu okhaokha pa kashopu kawo mumsika. Vuto lawo linali limodzi. Mu Disembala ndi Januwale, sukulu zikamatsegulidwa, makolo ankachuluka kuposa zimene mwendo umodzi ungapalase, ndipo ambiri ankabwerera. Ankafuna makina a magetsi. Anali atawaona kale ku Kamwala, ogwirapo ntchito koma abwino.

Atamva kuti ku Longacres kuli bungwe lobwereketsa ndalama kwa amalonda ang'onoang'ono, ndipo kuti limafuna pulani ya bizinesi yolembedwa, anauza amuna awo. Ba Abson anasangalala kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu.

"Iyo ndiye nchito yanga, bana Lombe," anatero, powaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba monga amachitira kwawo. "Imwe sokani chabe. Vamapepala nisiyileni."

Ndi mmene anafikira kwa ine, mu Okutobala, atanyamula mapepala olembedwa pamanja m'Chingerezi chozama. Tinatayipa masiku anayi. Munali mawu oyamba, mbiri ya chuma cha dziko, masomphenya a kampani, ndi chithunzi cha mabokosi chosonyeza mkulu wa kampani pamwamba, amene anali iwowo, ndi madipatimenti anayi pansi pake. Munalembedwa kuti kampaniyo ili ndi makina asanu ndi limodzi, ndipo ili ndi mgwirizano ndi sukulu zitatu za ku Woodlands ndi Kabulonga. Ankapempha K40 miliyoni yomangira fakitale.

Ine ndinkawadziwa Ba Febby. Mwana wa mchemwali wanga ankavala yunifomu yawo, ndipo kashopuko ndinkakadziwa: makina amodzi, tebulo, benchi. Nditafika pa mzere wa makina asanu ndi limodzi ndinaima pang'ono, kenako ndinapitiriza. Choipa kwambiri n'chakuti tsiku lachitatu ndinawauza kuti, "Ba Mwenya, apa pa vya msika mungawonjezeko, chizaoneka bwino." Anawonjezera masamba anayi. Onse pamodzi anakwana makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Tinawamanga ndi chikuto cha pulasitiki, ndipo ndalama yolipira inachokera m'thumba la Ba Febby.

Zimene zinachitika ku Longacres anandifotokozera Ba Febby, ndipo pambuyo pake Ba Abson eni ake anavomera kuti zinali choncho.

Anapita onse awiri Lachiwiri m'mawa. Ba Febby ananyamula yunifomu imodzi yachitsanzo m'jumbo. Pakhomo la ofesi Ba Abson anawauza kuti adikire pa benchi ya m'khonde. Chitseko chinali chatheka, choncho zonse zinkamveka.

Woona za ngongole anali mayi wa zaka ngati makumi atatu, Helen Kampamba. Pa tebulo pake panali mulu wa mafayilo, ndipo panja panali anthu ena khumi ndi awiri akudikira. Analandira bukulo ndi manja awiri, nalitsegula, nayang'ana tsamba loyamba, lachiwiri, kenako analumphira kumapeto kumene kunali manambala.

"Ba Mwenya, mwasebenza," anatero. "Manje nithandizeni. Mwezi watha munagulitsa mayunifomu angati?"

"Vili pa tsamba twente-seveni, mayi."

"Apo mwalemba vamene muzagulitsa chaka cha mawa. Ine nifunsa mwezi watha."

Ba Abson anayamba kufotokoza za kukula kwa chiwerengero cha ana a sukulu mu Lusaka. Ba Kampamba anawamvetsera mpaka atamaliza.

"Yunifomu imodzi imadya nsalu ya zingati?"

Sanadziwe. Zaka zonsezo ankadya ndalama ya nsaluyo, koma sanafunsepo mtengo wake. Anati zimenezo amadziwa ndi woyang'anira osoka.

"Ni ndani?"

"Ni mzimayi wina wamene tinalemba nchito. Ali panja."

Ba Febby anandiuza kuti atamva mawu amenewo anayang'ana jumbo lija pamiyendo pawo, ndipo mayi amene anakhala nawo pafupi anasuntha pang'ono, ngati kuti wamvanso.

Ba Kampamba anatsegula tsamba la migwirizano, naika chala pa dzina la sukulu ya ku Woodlands. Anakoka buku la manambala a foni, naimba pomwepo. Analankhula ndi mlembi wa sukuluyo, kenako ndi mphunzitsi wamkulu. Anathokoza, naika foni pansi. Sanakweze mawu.

"Akuti sakudziwani."

Ba Abson anati zokambirana zinali zisanathe. Kenako anati mwina mphunzitsi wamkuluyo ndi watsopano. Anandiuza pambuyo pake kuti chimene ankachiona n'chakuti mayiyu anali wa msinkhu wa akalaliki amene iwo ankawabwezera makalata chifukwa cha kulakwitsa kalembedwe.

"Ba tata," anatero Ba Kampamba, "pa fayilo iliyonse nili na maminiti teni. Chamene nilemba nimapeleka ku komiti, ndipo ngati munthu sanabweze, amafunsa ine. Nikapeza bodza imodzi, vonse vosala siningavikhulupilile, olo vikhale vazoona. Itanani amene asoka."

Ba Febby analowa, napereka moni, nakhala kumapeto kwa mpando. Ba Kampamba anawafunsa dzina.

"Febby Mwenya."

Ba Kampamba anayang'ana Ba Abson kamodzi kokha, n'kubwerera kwa mayiyo. Anafunsa mafunso omwewo, ndipo mayankho ankabwera asanamalize kufunsa. Mwezi watha, makumi asanu ndi limodzi. Imodzi K9,000. Nsalu K4,600, ulusi, mabatani ndi zipi K900. Makina amodzi. Ba Febby anatulutsa yunifomu ija, Ba Kampamba naitembenuza kuona msoko wa m'kati.

"Mumalemba pena pake?"

"Nili na kabuku."

"Apa pali bizinesi," anatero Ba Kampamba. Anatenga kapepala nalemba mafunso asanu ndi awiri. "Muyankhe aya pa tsamba imodzi. Imodzi chabe. Nambala iliyonse ikhale yamene ningabwele kuiona na maso. Mubwele na kabuku, malisiti a nsalu, na pepala ya mtengo wa mashini kuchokela kwa wogulitsa. Dzina ikhale ya mwine wa bizinesi."

Buku lija anawabwezera Ba Abson ndi manja awiri, monga analilandirira.

Mu minibasi yobwerera sanalankhulane. Atafika kunyumba Ba Febby anasintha zovala n'kupita kumsika, chifukwa panali madiresi atatu oti amalize. Mawu aja a mzimayi wolembedwa ntchito sanawatchule tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Ba Abson anati akanakonda atatukwanidwa. Masiku atatu sanapite m'tauni. Ankangokhala kuseri kwa nyumba pamene anthu odutsa sangawaone.

Loweruka anadzuka napita kumsika wa Kabwata. M'zaka zisanu ndi chimodzi za kashopuko anali asanakhalepo pa benchi yake. Anakhala, kapepala ka mafunso kali m'manja.

"Bana Lombe, nipatseniko kabuku."

Ba Febby sanasiye kupalasa. "Muzakwanisa kuwelenga? Ni kolembedwa na mzimayi wamene munalemba nchito."

Telala wa shopu yoyandikana anamva, ndipo anaweramira pa nsalu yake. Ba Abson anati, motsitsa mawu, "Ninalakwa." Ba Febby anamaliza msoko, nadula ulusi, natulutsa kabukuko pansi pa tebulo.

Kanali kabuku ka ana a sukulu, kachinayi kuyambira pamene anayamba. Tsiku lililonse linali ndi mzere wake: dzina la kholo, sukulu, saizi, zimene lapereka, zimene zatsala. Kumapeto kwa Januwale kunali mndandanda wina wa timizere tokhatokha. Atafunsa, Ba Febby anati kamzere kalikonse ndi kholo limene analibweza chifukwa ntchito inali itachuluka. Ba Abson anawerenga: makumi asanu ndi anayi kudza atatu. M'masamba awo onse aja munalibe chinthu champhamvu ngati timizere timeneto.

Anakangana pa zinthu ziwiri. Choyamba chinali mwezi wa Juni, pamene Ba Febby anadwala malungo n'kusoka mayunifomu makumi awiri ndi awiri okha. Ba Abson ankafuna kuusiya. Ba Febby anati mayi uja adzatsegula kabuku ndipo adzauona yekha. Anaulemba.

Chachiwiri chinali funso lakuti adzagwire ntchitoyo ndani. Munthu mmodzi sangadule, kusoka, kuika mabatani ndi kusita mayunifomu mazana awiri pa mwezi, ngakhale ndi makina a magetsi. Kulemba munthu wina kukanadya phindu.

"Alipo munthu wamene alibe vochita kunyumba," anatero Ba Febby.

Lolemba Ba Abson anabwera kwa ine ndi pepala limodzi. Sindinathe kuwayang'ana kumaso, iwonso sanandiyang'ane. Linali m'Chingerezi chosavuta, ndipo m'chinenero chathu linkanena izi:

Mwini: Febby Mwenya, shopu 41, msika wa Kabwata. Wasoka mayunifomu a sukulu zaka zisanu ndi chimodzi.

Ogula: makolo a ana a sukulu zinayi za pulayimale zozungulira. Palibe mgwirizano wolembedwa ndi sukulu iliyonse. Makolo amapereka theka poitanitsa. Mayunifomu a sukuluzi sapezeka mu salaula.

Pa yunifomu imodzi: mtengo K9,000, zolowa K5,500, zotsala K3,500.

Pa mwezi wamba: mayunifomu 60, zotsala K210,000. Lendi ya shopu, magetsi ndi mayendedwe K40,000. Zakunyumba K100,000. Zimatsala K70,000. Mu Juni anasoka 22 okha chifukwa cha matenda. Mu Januwale anasoka 110, nabweza makolo 93.

Chopempha: K800,000, yogulira makina amodzi a magetsi. Pepala la mtengo lili kumbuyo. Nsalu idzagulidwa ndi K300,000 ya chilimba, ndalama zimene amayi a mumsika amasonkherana mosinthana, zimene adzalandire mu Novembala, pamodzi ndi theka lija la makolo.

Kubweza: miyezi isanu ndi itatu, zonse K1,056,000 ndi chiwongoladzanja. K350,000 mu Disembala ndi K350,000 mu Januwale, pamene akuyembekeza kusoka 200 pa mwezi. Zotsalazo pafupifupi K60,000 pa mwezi. Chikole: makina akale, makina atsopanowo ndi firiji.

Ogwira ntchito: Febby Mwenya, kudula ndi kusoka. Abson Mwenya, mwamuna wake, sali pa ntchito kuyambira 1994: mabatani, kusita, kulemba kabuku. Febby akadwala, telala wa shopu 42 wavomera kusoka pa mtengo wa K1,500 imodzi.

Nditafika pa mzere wa dzina lawo ndinafunsa ngati ndilembe momwemo.

"Lembani mwamene vilili," anatero.

Nditamaliza ananditambasulira K500. Ndinakana, ndipo ndinawauza kuti kashopu kaja ndinkakadziwa kuyambira kale, ndi kuti ndinaona bodza lija n'kulitayipa.

"Mwenze kudziwa?"

"Nenze kudziwa."

"Nanga ena? Ku Kabwata?"

Ndinawauza zoona, kuti anthu ambiri ankadziwa kuti alibe kampani iliyonse imene amailangiza, ndipo ankangowapatsa ulemu. Anasiya ndalamayo pa tebulo, natenga tsamba lawo, natuluka osatsanzika. Ndinaganiza kuti sadzandilankhulanso, ndipo panatha miyezi ingapo zili choncho.

Ku Longacres ulendo wachiwiri analowa onse awiri. Ba Kampamba anawerenga tsambalo asanawauze n'komwe kuti akhale. Anatenga kamakina kowerengera, nachulukitsa, nachotsera. Anatsegula kabuku pa mwezi wa Juni, nawerenga mizere ndi chala. Anatsegula pa Januwale, naona timizere tija. Anafunsa funso limodzi lokha: ngati mu Disembala asoka 150 m'malo mwa 200, adzabwezabe? Ba Abson anali atawerengera kale zimenezo kuseri kwa envulopu. Anayankha kuti zidzatsala K385,000 atachotsa zonse, choncho K350,000 ikwana, koma Khirisimasi idzakhala ya ndiwo zamasamba.

"Ndiye yankho yamene nenze kufuna," anatero Ba Kampamba.

Lachinayi Ba Kampamba anabwera okha kumsika osanena nthawi. Anaona shopu, makina ndi risiti ya lendi, anafunsa telala wa shopu 42, anafunsa mayi wosunga ndalama za chilimba, anapita kunyumba kukaona firiji. Anapeza Ba Abson atakhala pa benchi akuphunzira kusoka batani, singano itawabaya kale kawiri. Anawapatsa moni monga mmene angapatsire telala aliyense. Komiti inavomereza sabata yotsatira, ndipo ndalama zinapita molunjika kwa wogulitsa makina ku Kamwala. Pa mapepala anasaina Ba Febby. Ba Abson anasaina pansi ngati mboni.

Mu Disembala anasoka mayunifomu 171, mu Januwale 204. Miyezi iwiri imeneyo Ba Abson anaima pa tebulo lositira kuyambira m'mawa mpaka msika kutseka. Poyamba anaika tebulolo kuseri kwa nsalu zopachikidwa kuti odutsa asawaone. Kumeneko kunali kotentha ndi kwa mdima, ndipo Ba Febby analitulutsa okha panja tsiku lina osafunsa. Mmodzi wa anzawo a ku kampani yakale, Ba Gilson, anabwera kudzagulira mdzukulu yunifomu, nawapeza ali ndi simbi m'manja. Onse awiri anachita ngati sanazindikirane, mpaka pamene Ba Gilson ankalandira chenji.

"Muli shani, ba Mwenya."

"Bwino, ba Gilson."

Ba Febby anati amuna awo sanadye tsiku limenelo.

Ngongole inatha mu Juni 1998, ndipo anachedwa kamodzi kokha, masiku asanu mu Epulo, atapita kukawauziratu. Sindinganene kuti Ba Abson anafika poikonda ntchitoyo. Anaigwira zaka zisanu ndi zinayi, mpaka pamene matenda a shuga anawafooketsa maso, ndipo m'zaka zonsezo sanazolowere kuti munthu awafunse kuti amagwira ntchito yanji. Ankayankha kuti, "Tili mu vyosoka," n'kusintha nkhani msanga. Kabuku kokha ndi kamene ankakanyadira, ndipo sankalola munthu wina kulembamo.

Ine anayambanso kundilankhula mu Febuluwale wa chaka chomwecho. Ndinapita kukatenga diresi la mwana wa mchemwali wanga, ndipo ndinapeza mayi wina akukalipa pa shopu. Kolala ya yunifomu ya mwana wake inali ndi chipsera cha simbi, ndipo anachiona atafika kale kunyumba. Anthu anayamba kuima. Ba Febby anatsegula pakamwa kuti anene kuti simbiyo ili ndi vuto, koma Ba Abson anawatsogolera.

"Ndine ninaocha, mayi. Ninaona, manje ninapinda kuti isaoneke. Pepani. Bwelani mawa muzapeza ina."

Mayiyo anang'ung'udza pang'ono n'kupita. Anthu anabalalika. Ba Abson anatsegula kabuku, nalemba tsiku, nalemba K5,500 kumbali ya zotayika, ndi dzina lawo pafupi. Atakweza mutu anandiona ndili chiimire.

"Ba Tryness," anatero, "diresi yanu yatha. Muyang'ane bwino kolala mukalibe kuyenda."